Matumba khumi a mpunga amene ndinawakhalira

Malemu amuna anga anandichenjeza tili achinyamata kuti, “Ndalama imene sunaigwire m'manja si yako.” Iwo anapusitsidwapo ndi cheke. Anagulitsa chambo chouma kwa munthu wa ku tauni, cheke n'kukhala kubanki masiku angapo, kenaka n'kubwerera chopanda kanthu. Mawuwo ndinawasunga kuposa mmene ndinasungira nkhope yawo. Sindikongoza mchere, ndipo chenje ndimawerenga kawiri wogulitsayo akuona. Ngakhale mauthenga a pafoni yanga ya mabatani sindinkafufuta n'umodzi womwe, poti tsiku lina akhoza kudzakhala umboni.

Ndimalima mpunga ku Chia. Mwana wanga wamwamuna atamwalira, mkazi wake, mpongozi wanga, anabwerera kwawo cha ku Dwangwa ndi ana awiri. Anayamba geni ya mpunga, kugula kuno n'kukagulitsa ku Lilongwe. Chaka chilichonse ankayambira kwa ine, ndipo ankabwera ndi adzukulu anga aja kuti adzatsale kuno iye akapita kumsika. Mpunga ndinkatha kugulitsa kwa wina aliyense, koma anawo ndi amene ndinkawayembekeza.

Chaka chathachi anabwera Lachisanu, tsiku la Ijuma, anthu akutuluka mumzikiti. Matumba khumi anali kale kumsewu, lole ikudikira. Tinayeza, tinagwirizana mtengo, ine n'kutambasula mpango kuti aikemo ndalama.

“Amayi, masiku ano sindiyenda ndi ndalama zambiri chotere,” anatero. “Ndikutumizirani ku akaunti yanu pompano.”

Akaunti ndili nayo, ananditsegulira mwana wanga wamkazi wa ku Blantyre. Koma banki yanga ndi ina, ya mpongozi wanga ndi ina, ndipo zimenezo ndinkazidziwa.

“Banki yanu ndi yanga zinakwatirana liti?” ndinafunsa.

Anaseka. Anatenga kapepala ka nambala yanga ya akaunti, anadinadina pafoni yake, n'kundiwerengera dzina langa lonse limene linatuluka pamenepo. “Ndinu amenewa?” Ndinavomera. Anadinanso, ndipo ndisanamalize kumanga mpango anati zalowa.

Foni yanga inali chete.

“Zalowa kuti?”

“Taonani apa, amayi, palembedwa kuti zatheka.”

“Foni yanu ingalembe chilichonse chimene mwaiuza.”

“Ndiye imbani kanambala ka banki yanu kaja, muone zimene zili mu akaunti.”

Kutero kunafunika kuti ndidine nambala yanga yachinsinsi pamsewu, pali onyamula katundu, dalaivala ndi amayi ogulitsa zitumbuwa. Ndinakana. Mumtima ndinali nditaweruza kale. Ngati cheke cha amuna anga chinatenga masiku kuchoka banki ina kupita ina, ndalama za mkazi uyu zikanauluka bwanji madzulo a Ijuma? Ndinakumbukiranso nkhani za anthu opusitsidwa ndi mauthenga abodza. Ndinakwera pamatumba n'kukhala.

Dalaivala anati, “Agogo, tsikani, kapena tikukwezereni pamodzi tikakugulitseni ku Lilongwe.”

“Ungandigule iwe, ndi nsapato zong'ambikazo?”

Anthu anaseka, ndipo kuseka kwawo kunandipatsa mphamvu yoipa. Ndinakweza mawu. Ndinati mkaziyu anadya za mwana wanga ali moyo, tsopano wabwera kudzadya zanga. Ndinamutchula kuti wakuba. Ndinawonjezanso mawu ena okhudza anthu akwawo akumpoto, amene sindingawalembe pano. Adzukulu anga anali ataimirira pafupi ndi sikelo, wamng'onoyo atagwira chitenje cha amayi ake.

Mpongozi wanga anangoti motsitsa, “Amayi, ndalama zachoka kwanga. Zikalowa kwanu ine sindingazikokenso. Ndi mpamba wanga wonse.” Lole inadikira pang'ono, n'kunyamuka ndi katundu wa anthu ena. Iye anakwera minibasi ndi ana ake, wopanda mpunga, wopanda ndalama.

Lolemba ndinapita kubanki yanga kuboma ndi mtima wa munthu wokatenga umboni. Pakauntala panali mayi wovala magalasi. Ndinamufotokozera monyada mmene ndinagwirira wakuba. Anandisindikizira pepala la akaunti yanga, n'kuloza ndi cholembera. Ndalama zonse zinali pamenepo, ndi dzina la mpongozi wanga, tsiku la Ijuma, nthawi yomwe ija ndinkamanga mpango.

“Zatheka bwanji, mabanki ali osiyana?” ndinafunsa.

Anandifotokozera mosafulumira. Anati pakati pa mabanki pali makina amodzi olumikiza onse. Munthu akatumiza, banki yake imayamba yaona ngati ndalamazo ali nazo, n'kuzichotsa, n'kutumiza uthenga kudzera pamakina apakatiwo. Banki yolandira imaona ngati akauntiyo ilipodi, imalemba ndalamazo m'dzina la mwini wake, n'kuyankha kuti yalandira. Zonsezi ndi masekondi, usiku kapena Lamlungu chimodzimodzi. Zikalephereka panjira, ndalama zimabwerera kwa wotumiza.

“Nanga ndalama zenizenizo amanyamula ndani?”

“Palibe amene amanyamula, agogo. Mabanki amadzalipirana okhaokha pambuyo pake, kudzera ku banki yaikulu ya dziko. Inu simudikira zimenezo. Mukanafuna, mukanatapa Ijuma lomwelo kwa ejenti wa kwanu konko.”

Ndinagwira kanthu kamodzi kamene kanatsala. “Koma uthenga sunabwere.”

Anapempha foni yanga. Pamwamba pake panali kachizindikiro ka envulopu kakuphethira, kamene ndinali nditakaona kwa milungu ingapo osakalabadira. Anati foni yadzaza, mulibe malo olowa uthenga watsopano. Ndinamulola kufufuta akale angapo, ena a zaka zitatu zapitazo. Anati uthenga ndi wongodziwitsa chabe, ukhoza kuchedwa kapena kusafika, koma ndalama zimakhala zitalowa. Anatinso ndinachita bwino kusakhulupirira foni ya wogula, poti achinyengo alipodi, koma chofunika ndi kuona mu akaunti yanga ndekha. Mpongozi wanga anandiuza zomwezo pamsewu paja.

Ndinatuluka ndi pepala lija ngati ndanyamula khala lamoto. Panjira yonse yobwerera ndinkangoti Astaghfirullah, Mulungu ndikhululukireni, koma Mulungu si amene ndinamutukwana pamaso pa ana.

Tsiku lotsatira ndinalipira ndekha galimoto, matumba khumi aja n'kupita ku Dwangwa, ndi limodzi lowonjezera. Khumiwo mpongozi wanga analandira. Lowonjezeralo linabwerera ndi dalaivala, amene anati, “Akuti analipira khumi.” Msika umene ankathamangira unali utadutsa, ndipo ndinamva kuti mdzukulu wanga wamkulu uja anachedwa kuyamba sukulu chifukwa fizi inali m'matumba amene ndinawakhalira. Ndinaimba foni. Anayankha mwaulemu, anafunsa za mwendo wanga, anandimvera mpaka kumapeto n'kuti, “Ndamva, amayi.” Nditapempha kulankhula ndi ana, anati ali kosewera.

Chaka chino mpunga wacha bwino, koma iye wagula ku Bua. Ine ndagulitsa kwa mlendo. Ananditumizira pafoni, ndinatembenukira kukhoma n'kudina nambala yanga, ndalama zinalimo asanatseke n'chikwama chomwe. Ndinapatulako pang'ono, n'kupempha ejenti kuti anditumizire ku akaunti ya mpongozi wanga, za nsapato za ana. Ndikudziwa kuti zinafika nthawi yomweyo. Yankho ndikudikirabe, ndipo mauthenga ndimafufuta m'mawa uliwonse kuti likadzabwera lidzapeze malo.

Kuno anthu amandipatsa moni ali chapatali. Onyamula katundu akandiona amanong'onezana kuti abwera a pamatumba. Inu amene mwawerenga izi, mukamadutsa ku Chia mudzapatuke mudzandizonde. Nyumba yanga ndi ya mtengo wa mango pakhomo, chitseko chobiriwira. Mudzagogode kawiri ndi kutchula kumene mwachokera, poti ndimayamba ndasuzumira pawindo, koma ndidzatsegula. Ndipo ngati ulendo wanu ukupitirira mpaka ku Dwangwa, ndili ndi thumba limodzi limene ndikufuna wina akayesenso kukasiya.