Lisiti Lomwe A Mphepo Anasita

Ku Santhe mukafunsa za a Fredson Mphepo, anthu sayamba n'kukuuzani za munda wawo. Amayamba ndi malaya. Bambo ameneyu amapita kukasankha fodya m'chigafa atavala shati yosita, pomwe anzake amavala zilizonse zomwe zawagwera m'manja. Anagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo pobwerera kumudzi anabwera ndi zinthu ziwiri: nsimbi ya makala ndi chizolowezi cholemba chilichonse. Mpango amasita, masokosi amasita. Akazi awo, a Consolata, amanena kuti nkhuku zikanalola bwenzi nazo zikuyenda ndi mizere.

N'chifukwa chake kalabu ya alimi a fodya itafuna msungichuma panalibe zovota. Buku lawo mungalikonde! Tsiku kumanzere, katundu pakati, ndalama kumanja, mizere yojambula ndi lula. Ine ndimawaseka a Mphepo, koma ndalama zanga ndingawasungitse osayang'ana m'mbuyo.

Chaka chino, nthawi yodinda mabelo itayandikira, kalabu inasonkha K300,000 yogulira zipangizo ku Boma. Anatuma a Chikhumbo, mayi wamasiye amene anatenga malo a amuna awo m'kalabumo. Aka kanali koyamba kutuma munthu wamayi. Katundu anafika yense, koma chenji sichinabwere ngakhale tambala, ndipo a Tsoka, omwe ankatumidwa zaka zonsezi, anayamba kulankhulira m'mphuno kuti ku Boma zitenje n'zokongola masiku ano. Mawuwo anawafika a Chikhumbo. Anangopereka lisiti kwa msungichuma n'kunena kuti, “Loweruka pamsonkhano mudzawerenge nokha, bambo. Ine pakamwa sindingathe.”

Lisitilo linali lalitali ngati lamba, la pepala loterera lija la m'mashopu akuluakulu, ndipo linakwinyika chifukwa linayenda litamangidwa pansonga ya chitenje. Loweruka m'mawa a Mphepo atamaliza kusita shati anayang'ana pepalalo, mtima osawalola. Angaimirire pamaso pa anthu ndi chinthu chokwinyika chotere? Analiyala patebulo n'kudutsitsa nsimbi kamodzi kokha.

Makwinya anathadi. Koma pepala lonse linada bii, kuyambira dzina la shopu mpaka pansi. Mapepala amenewa salembedwa ndi inki, makina amawalemba ndi kutentha, ndiye nsimbi inalemba paliponse.

A Mphepo anakhala pansi. Sankaganiza za manyazi awo okha ayi. Umboni wokhawo wa mayi uja anali atauwotcha ndi dzanja lawo, msonkhano uli masana omwewo.

“Mayi a Dominic, tabwerani mudzaone zomwe ndachita,” anaitana akazi awo.

A Consolata anayang'ana lisiti, anayang'ana nsimbi, ndipo anaseka mpaka kutsamira chitseko. “Ndinanena ine kuti tsiku lina mudzasita chosasitika!” Atapukuta misozi anatenga foni yawo, pakuti ya a Mphepo ndi ya mabatani. “A Chikhumbo aja si mwana. Analijambula asanalimange pachitenje, ananditumizira. Ndimafuna kufufuta dzulo, zikundidzadzira foni.”

Zithunzi zinali ziwiri, chifukwa lisiti silinakwane pa chimodzi. A Mphepo anavala magalasi, anatsegula buku n'kujambula mizere: tsiku, katundu, kuchuluka, mtengo wa chimodzi, zonse pamodzi. A Consolata ankakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri n'kumawerenga.

“Tsiku lembani 16 Epulo.”

“Mwaliona pati?”

“Apa, pamwamba pa uthenga.”

“Limenelo ndi tsiku lomwe anapeza bandulo n'kutumiza. Ndikufuna la pa lisiti.”

Analipeza pansi pa dzina la shopu: 14 Epulo. Kenako katundu. Ziguduli zokutira mabelo 20, chimodzi K8,500, zonse K170,000. Thwayini mipukutu 6 pa K4,500, zonse K27,000. Pulasitiki wakuda mpukutu umodzi, K68,000. Misomali makilo atatu pa K6,000, zonse K18,000. Mzere uliwonse a Mphepo ankachulukitsa okha pambali asanakhulupirire makina a kushopu. Chithunzi chachiwiri chinayamba ndi misomali, K18,000, kenako masingano osokera mabelo anayi pa K1,500, onse K6,000.

Ataphatikiza anapeza K307,000. Pansi pa lisiti panalembedwa K289,000. Anaphatikizanso kuchokera pansi kukwera m'mwamba, yomweyo. Thukuta linayamba kuwononga shati yosita ija.

“Kusiyana ndi zingati?” anafunsa a Consolata.

“K18,000.” Atangotchula, a Mphepo anayang'ananso m'buku. Misomali! Pojambula, a Chikhumbo anaopa kudumpha mzere, choncho chithunzi chachiwiri chinayambira pomwe choyamba chinathera, ndipo mzere umodzi unaoneka kawiri. Anaudula bwinobwino ndi lula, zinatsala K289,000 ndendende.

Pansi pake panali manambala ena. A Consolata anafuna awonjezere msonkho, koma lisiti linanena kuti unali kale m'mitengo. K290,000 inali ndalama yomwe mayiyo anapereka pakauntala, K1,000 chenji chomwe anabwezeredwa. Izi a Mphepo sanaziike m'ndandanda wa zogula.

Ndiye K11,000 yotsala pa ndalama za kalabu inapita kuti? Apa a Mphepo anadzimenya pachipumi. Katunduyo sanayende yekha kuchokera ku Boma. Anatuma mawu kwa a Chikhumbo, yankho linabwera pafoni pomwepo: minibasi K5,000 popita, K5,000 pobwera, katundu K4,000. Kondakitala sapereka lisiti, choncho analemba mizere itatuyi payokha, n'kuikapo mawu akuti “popanda lisiti”. Ataika chiwerengero chomaliza anachiyang'ana nthawi yaitali, ndipo mtima unawawawa.

Masana anthu anadzaza m'chigafa cha wapampando, fungo la fodya lili gu. A Chikhumbo anakhala kumapeto, maso pansi. A Mphepo anayamba n'kukweza pepala lakuda lija. “Abale anga, ili ndi lisiti lanu. Ndalisita ndine.” Chigafa chinagwedezeka ndi phwete. Analekerera anthu aseke mpaka atope, kenako anayendetsa foni ya a Consolata kuti aliyense aone zithunzi, iwo akuwerenga m'buku mzere ndi mzere. Pa zoyendera anafunsa ngati alipo wotsutsa mtengo wa minibasi. Panalibe, aliyense amaikwera.

“Zogula, K289,000. Zoyendera, K14,000. Zonse pamodzi, K303,000. Ife tinawapatsa K300,000. Mayi awa sanatidyere kalikonse, ndife tawadyera K3,000.”

Kuseka kunatha. Wapampando anatembenuka. “Mayi, bwanji simunanene?”

“Ndinali nditamva kale za zitenje,” anayankha a Chikhumbo. “Ndikanati mundibwezere, mukanati chiyani?”

A Tsoka anakanda m'mutu, anayang'ana kudenga ngati akuwerenga mikangala ya fodya. Kenako anapisa m'thumba, anatulutsa ma K1,000 atatu, n'kupita kukawapereka ndi manja awiri. “Pepani mayi, pakamwa panga panathamanga. Ulendo winawu mupitenso ndinu.”

A Chikhumbo analandira, anawerenga pang'onopang'ono pamaso pa onse, n'kusayina m'buku pomwe a Mphepo anawalozera. Atakweza mutu nkhope inali itamasuka, koyamba sabata yonseyo.

“Ndipita,” anatero. “Koma ziguduli zimalemera, a Tsoka. Mudzabwere mudzandisenzere.”