Makadi a Midiyani pa Tebulo la Telala

Nditabwera kuchokera ku maphunziro a masabata awiri kukoleji, mtima sunkakhala m'malo. Ndinali mlangizi wa zaulimi ku Bwanje, mayi wa ana atatu, ndipo mayeso a sitatisitikisi anali pafupi. M'kalasi zonse zinkamveka aphunzitsi akamasova pabolodi. Kunyumba ndikatsegula kope, manambala ankangondiyang'ana. Ndinkakhala pansi, kudzuka, kukasesa posesa kale.

Ndiye ndinadula katoni ya sopo n'kupanga makadi. Chitsanzo chilichonse cha aphunzitsi ndinkachisandutsa ndondomeko: choyamba chita ichi, kenako ichi. Ndinkawerenga ndili m'mizere ya mpunga, alimi akundidikira.

Loweruka ndinapita kumsika wa Golomoti kumene amuna anga amasoka zovala. Ndinali nditayenda uku ndi uku pakhonde la shopu mpaka anaimitsa makina.

"Mayi, mukundizunguza mutu. Bweretsani khadi limodzi ndiyese."

Ndinawapatsa la midiyani, nambala ya pakati ija. Ndinali nditalembapo mizere iwiri: werenga kuti manambala alipo angati, tenga lapakati. Iwo analemba ndi choko patebulo miyezo ya m'chiuno ya makasitomala asanu: 34, 28, 40, 30, 36.

"Lapakati ndi 40," anatero.

"Ayi bambo, 40 ndiye wamkulu pa onse!"

"Ine ndatsata khadi lanu."

Ndinatsegula kope. Manambala a aphunzitsi anali osanjidwa kale kuyambira laling'ono, choncho sanasanje pabolodi, ine osalemba. Tinasanja: 28, 30, 34, 36, 40. Midiyani inali 34.

Ndisanapume, anawonjezera 32. "Nanga pano? Apakati alipo awiri."

Chitsanzo chija chinali cha manambala asanu, khadi langa silinkadziwa za asanu ndi limodzi. Lamulo lake linali m'kope, m'munsi mwa tsamba, m'zolemba zothamanga: phatikiza awiriwo, gawa ndi 2. Tinapeza 33.

Ndinakhuthula makadi onse pansalu ya kasitomala. Pa la sitandadi diviyeshoni ya sampulo, muyeso wa mmene manambala atalikirana, ndinali nditalemba kuti "gawa ndi 4". Folo ameneyo anachokera kuti? Manambala anali asanu, aphunzitsi anachotsapo limodzi. Ndinali nditakopera yankho la tsiku limenelo m'malo mwa lamulo lake. Ndinafufuta n'kulemba kuti: werenga manambala, chotsapo 1, gawa ndi zotsalazo.

Masiku otsatira khadi lililonse linkadutsa kaye kwa amuna anga ndi manambala atsopano. Akasochera, ndinkadziwa kuti ndadumpha sitepe. Makadi ena ndinawalemba katatu, ndipo katoni itatha ndinakapempha ina kugolosale.

Tsiku lopita kumayeso, minibasi inaima nthawi yaitali pa Mtakataka kudikira anthu. Ndinatsika, kukweranso, kondakitala n'kundifunsa ngati ndadwala m'mimba. Pepalalo ndinakhoza, ngakhale funso lomaliza ndinalisiya pakati nthawi itatha.