Gulu la Munthu Mmodzi

Mnzangayu ana anamutcha Enaamati, chifukwa pophunzitsa zachipembedzo sanenapo kuti zoona ndi izi. Iye ndi "ena amati, ena amakhulupirira kuti" basi. Takalambira pa tebulo limodzi mu ofesi ya aphunzitsi, ndipo ndikumudziwa: ndi munthu wamantha. Foni ikalira amayamba wapepesa asanamve kuti ndani.

Chaka china m'kalasi yomaliza munali mtsikana mmodzi yekha wachisilamu, mwana wa telala. Mphunzitsi wina adamuimiritsapo kutsogolo kuti afotokoze "za kwanuko", anzake n'kumamuseka. Bambo ake adalumbira kuti akadzangolozedwanso chala, sukulu yathera pomwepo. Mayeso anali pafupi.

Ndiye Enaamati akukonza phunziro la kusala kudya, anachita zomwe tinazolowera: kugawa ana m'magulu, gulu lililonse lifotokoze za chipembedzo chake. Ine ndinangosuzumira n'kumufunsa kuti nanga mwana wa telala akhala ndi ndani. Cholembera chinamugwa m'manja.

Anafufuta zonse. Magulu anawagawa potsata mizere ya madesiki, lililonse n'kulipatsa chipembedzo choti liwerenge m'buku n'kufotokoza. Malamulo anati agwirizana ndi ana poyambirira: osafunsa mnzako kumene amapemphera, funso lililonse ndi lololedwa, koma kuseka ndi kuweruza ayi. Ngakhale zinali choncho mtima sunakhale pansi. Ankandifunsafunsa kuti nanga wina akamutembenukira mtsikanayo. Ndinamuseka kuti adzafa ndi mantha.

Tsikulo ahedi anatiuza kuti telala wamva za phunzirolo ndipo wabwera. Telalayo anakana mpando, anangoima pawindo, tepi yoyezera ili m'khosi. Ine ndinakhala kumbuyo kwa kalasi.

Zinkayenda bwino mpaka mnyamata wina, pofotokoza za Asilamu, anati akamasala amaloledwa kumwa madzi masana. Mitu inayamba kutembenukira kwa mtsikanayo. Enaamati anathamangira pabolodi kuti maso abwerere kwa iye, n'kuuza gululo kuti liwerengenso bwino. Koma dzanja la mtsikanayo linali litakwera kale.

"Madzi sitimwa, kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa," anatero mtsikanayo. "Koma wodwala samukakamiza."

Wina anafunsa ngati ludzu silipweteka. Iye anati limapweteka kwambiri, ndipo anayamba kuseka yekha.

Belu litalira telala anadikira pakhomo. Enaamati anatuluka ngati wopita kukabayitsa jakisoni.

"Aphunzitsi, munachita kumuuza kuti alankhule?"

"Ayi bambo, anakweza yekha dzanja."

Telala anangogwedeza mutu n'kumapita, osanena kuti zili bwino kapena ayi.

M'mawa mwake mnzangayo tiyi sanamwe. Anaima pakhonde n'kumayang'ana kugeti mpaka ana onse analowa, desiki ya mwana wa telala ili yopanda munthu. Tikuti titembenuke, tinamva phazi. Mtsikanayo ankathamanga, chikwama chikumumenya kumsana. Anali atangochedwa.