Dzina la pa Layisensi

Agness Chipulikano anachoka kwawo ku Mitundu ali mtsikana, n'kudzalowa ntchito ya m'nyumba ku Area 14, kwa banja la a Msiska, anthu a ku Rumphi ogwira ntchito m'boma. Anakhalako zaka pafupifupi makumi awiri. Ana a pakhomopo anawabereka kumsana mpaka kuwaona akupita ku koleji. Koma kuphika, abale, mayiyu Mulungu anamupatsa dzanja! Alendo akadya nyemba zake ankaiwala manyazi n'kupempha zina.

Mayi ake omubereka atamwalira, Agness anakatenga mng'ono wake Mayankho, kamwana ka zaka zisanu ndi ziwiri, kamphuno kosapukuta. Ankagona naye pa mphasa imodzi m'kachipinda ka antchito kuseri kwa nyumba. Anamuphunzitsa mpaka Fomu 4, n'kudzamuimira ngati mayi pa ukwati wake ndi Dalton, mnyamata woyendetsa njinga yamoto ya kabaza.

Chimene Agness ankafuna pa moyo wake chinali chimodzi: malo ake ake ophikirapo. Osati chihotela ayi, kalesitilanti chabe ka mabenchi awiri, tiyi m'mawa, mpunga ndi nyemba masana. Ndiye tsiku lina mnzake wa kutchalitchi anamutsina khutu kuti pa msika wina wa ku Old Town malo atseguka, mwini wake wabwerera kumudzi.

Koma malo a mumsika sumangofikapo ndi mbaula. Umayamba waonana ndi mkulu wa msika ndi komiti ya ochita malonda kuti akulembe m'kaundula. Ukatero upite ku khonsolo ya mzinda ku City Centre, ukatenge fomu ya layisensi, uphatikizepo kope la chitupa chako cha unzika. Popeza ndi malo a zakudya, a zaumoyo amabwera kudzayendera, ndipo wophika aliyense amakayezetsa kuchipatala. Zikatheka zonsezo ulipire, layisensi ituluke, ya chaka chimodzi. Zonsezi zimachitika masiku a ntchito, pamene Agness tsiku lake lopuma linali Lamulungu lokha. Komanso sankafuna kuti a Msiska adziwe zisanapse.

Anachita zimene mkulu aliyense kwawo amachita. Anatuma wamng'ono.

Mayankho anayenda ndithu, tisamunamizire. Anakwera maminibasi, anaima pa mizere. Lamulungu lina anabwera ku Area 14 ndi nkhope yotopa.

"Achemwali, zavuta pang'ono. Akuti wosaina fomu akhale mwini wake wa chitupa, aonekere yekha. Ndiye ndangolemba kaye dzina langa, kumsika ndi ku khonsolo komwe, kuopa kuti malo angapite. Tidzasintha mukadzapeza mpata."

Agness anaseka. "Iwe Maya, ndiye ukudandaula chiyani? Ine ndi iwe si mimba imodzi? Wachita bwino."

Kumudzi, mwana ukamutuma kukagula mbuzi, palibe amene amati mbuziyo ndi ya mwanayo chifukwa ndiye wagwira chingwe. Agness ankaganiza kuti kutauni zimayendanso choncho.

Anatsanzika kwa a Msiska, mayi a pakhomo mpaka misozi. Anagula malata, mapoto, mabenchi. Anakayezetsa kuchipatala, a zaumoyo anabwera n'kumuuza kuti aike ndowa yampopi yosambira m'manja ndi bini yovundikira, iye n'kuchita zonse tsiku lomwelo. Layisensi itatuluka anaikuta ndi pulasitiki n'kuikhoma pamwamba, poti utsi usaidetse. Pasanathe miyezi itatu, amakaniko, makondakitala ndi amayi a kaunjika ankachita kudikirana pa benchi. Mayankho, poti analibe chochita kunyumba, ankabwera kudzalandira makasitomala. Nkhani yosintha dzina ikatuluka, yankho linali lakuti, "Sabata yamawa, achemwali." Masabata amawawo anakwana chaka.

Nthawi yokonzetsanso layisensi itayandikira, Agness anati ulendo uno ndipita ndekha. Anavala chitenje chake cha ku Mvano, n'kukwera minibasi ya ku City Centre. Pa ofesi ya malayisensi anapeza bambo wina waulemu, a Ezekiel, amene anamumvetsera mpaka kumaliza, kenako n'kuyang'ana mu faelo.

"Mayi, layisensi imeneyi yakonzedwa kale sabata yatha. Anabwera eni ake, mayi Mayankho, ndi amuna awo."

"Eni ake ndine, bambo. Uja ndi mwana, ndinangomutuma."

"Ndakumvani, ndipo sindikuti mukunama. Koma ife timadziwa munthu amene anasaina fomu. Kaundula wa kumsika akunenanso dzina lomweli. Layisensi sitiichotsa kwa munthu n'kupatsa wina chifukwa cha mawu apakamwa. Iwowo alembe kalata yoti malowo akuwasiya, mkulu wa msika atsimikize, inu mudzalembe fomu yanu. Akavomera, si nkhani yovuta."

Akavomera! Agness anatuluka mu ofesimo. Mwana amene ankamuchotsa nsabwe m'mutu, lero avomere kaye? Komabe mu minibasi ankadzitonthoza. Mwina Maya anangofuna kumupeputsira ulendo. Mwina anaiwala kumuuza.

Atafika kumsika anapeza Dalton atakhala pa mpando wa pakhomo, akutokosa m'mano. Njinga yake inali itagwa injini mwezi wathawo, ndipo kuyambira pamenepo sankasowa pa lesitilantipo nthawi ya nkhomaliro. Agness anamupatsa moni mlamu wakeyo, n'kuitanira Mayankho kuseri, kumene amatsukira mbale.

"Maya, ndachokera ku khonsolo. Akuti ulembe kalata, dzina lisinthe. Tipite limodzi mawa."

Mayankho anayang'ana m'beseni. "A Dalton akuti zisiyeni mmene zilili."

"A Dalton? Analipo a Dalton pamene ndinkakhoma malata awa?"

"Achemwali, musakweze mawu, kuli makasitomala. Inenso ndinavutika nawo malo ano. Amene ankapsa ndi dzuwa pa mizere ndine. Ndipo ife tili ndi ana, njinga yafa. Inu muli nokha."

Inu muli nokha. Mawu amenewo anamulasa Agness kuposa za layisensizo. Anali yekha chifukwa cha ndani? Amuna awiri anabwerapo kudzamufunsira ali ku Area 14, onse n'kubwerera atamva kuti mkaziyo sasiyana ndi kamng'ono kake.

Sanagonje msanga ayi. Anapita kwa mkulu wa msika, yemwe anatsegula kaundula n'kumuonetsa dzina, akupukusa mutu. A komiti anati za pachibale zikakambidwe kubanja. Amalume awo anabwera kuchokera ku Mitundu, anadya mpunga wa nkhuku umene Dalton anawaikira, n'kugamula kuti ana a mimba imodzi sakanganirana pepala, agwirire ntchito limodzi. Ku Area 14 a Msiska anali atalemba kale mtsikana wina.

Madzulo a tsiku limene amalume anabwerera, Mayankho anamupeza Agness akupukuta mapoto. Analankhula mofatsa, ngati munthu amene akuchita chifundo.

"Achemwali, sitikukuthamangitsani. Makasitomala anazolowera dzanja lanu. Muzibwera kudzaphika monga kale, a Dalton akuti tizikupatsani kangachepe pakutha pa mwezi. Kungoti makiyi muzisiya kwa ife."

Agness anamuyang'ana nthawi yaitali, kufunafuna pankhopepo kamwana kaja. Sanakapeze. Anamasula makiyi pa mfundo ya chitenje, n'kuwaika pa benchi, osati m'manja mwake.

Kunyumba analira mpaka mutu kuwawa, n'kulumbira kuti mumsikamo sadzapondamonso. Koma munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu, wopanda munda, wopanda pepala lililonse lotchula dzina lake, apita kuti? M'mawa mwake, isanakwane sikisi, anali ataima pakhomo pa lesitilanti imene anamanga yekha, kudikira kuti Dalton abwere adzamutsegulire.