Mlongo Wanga Anabadwa Mwezi Ukupita Kumdima

Ndinali ndi zaka khumi pamene mlongo wanga Limbani anabadwa, kwathu kumapiri a ku Tsangano, m'nyengo yozizira anthu akukumba mbatata ya kachewere. Bambo anali kutali, ku esiteti ya fodya ku Kasungu, ndipo pakhomo pathu wolamula anali mlongo wawo, azakhali a Nangozo. Amayi anali mtengwa chabe. Azakhali akayankhula, iwo ankangoti “chabwino alamu,” ngakhale zinthu zisali bwino.

Azakhaliwo sanali munthu woipa. Ndiwo ankachiritsa amayi oyembekezera m'mudzi monse, ndipo mwana akangobadwa ankatuluka panja kukaona mwezi, asanasambe n'komwe m'manja. Ankati wobadwa mwezi uli wathunthu amakhala wamphamvu, wolongolola, wa mtima wapachala, wosatha kusunga chinsinsi. Ine ankanditchula kuti wa mwezi wathunthu, ndipo ndikachita makani ankaseka n'kunena kuti si ine, ndi mwezi. Koma wobadwa mwezi uli kumdima ankamuopa. Ankati mwana wotere amakhala wa zake zokha, sudziwa chimene akuganiza, ndipo moyo wake sugwira msanga. Saloledwa kutuluka m'chikuta, nyumba imene mayi amabindikiramo ndi khanda, kufikira mwezi watsopano utaoneka kumadzulo.

Limbani anabadwa madzulo titangotha kudya. Azakhali anatuluka, anazungulira nyumba akuyang'ana kumwamba, ndipo anabwerako nkhope itagwa. Kunali nyenyezi zokhazokha.

“Wabwera pa mdima uyu,” iwo anatero. “Asapatsidwe dzina, asatulukenso panja mpaka mwezi ukhale.”

M'mawa mwake ndinalawirira kukatunga madzi kudambo, udzu uli mbuu ndi chisanu. Nditakweza maso ndinauona mwezi uli pamwamba penipeni, theka lokha, mbali yowalayo italoza kum'mawa. Ndinathamanga ndowa ili gwedegwede, ndili ndi chimwemwe kuti azakhali alakwitsa. Mwezi sunafe, unangochedwa kutuluka. Panthawiyo sindinkadziwa kuti ukapitirira pa uthunthu umayamba kutuluka mochedwerachedwera tsiku lililonse, moti ukafika pa theka umatuluka pakati pa usiku, anthu atagona.

Azakhali anatuluka n'kuuyang'ana nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti aseke, koma sanaseke.

“Bola ukanakhala utafa kale, tikanadikira masiku awiri atatu,” anatero motsitsa mawu. “Uwu ukupita kukafa. Mwanayu wabwera pamene mnzake akunyamuka. Tiyeni tione ngati samutenga.”

Ndinachita mantha amene sindinawaiwale mpaka lero. Uthenga umene ndinkayesa wabwino ndi umene unawonjezera masiku odikira.

Patapita masiku ochepa khanda lija linayamba kutentha thupi. Pamchombo, pamene azakhali anapaka phulusa kuti pauma msanga, panafiira n'kuyamba kununkha. Kulira kwake kunasintha, kunakhala kopyapyala ngati kwa mwana wa mphaka. Amayi anapempha kuti apite naye kuchipatala, koma azakhali anakana. Ankati matenda otere ndi a mwezi, amakula mwezi ukamachepa ndipo amatha wokha ukabwerera, koma kumutulutsa panja nthawi isanakwane n'kumupereka m'manja. Azakhaliwo ankamufungatira okha, kumuyimbira, maso ali ndi misozi.

Ine ntchito yanga inasanduka yoyang'ana kumwamba. M'mawa uliwonse popita kudambo ndinkaupeza mwezi utachepako, utatsikirako kufupi ndi kumene dzuwa limatulukira. Theka lija linasanduka ngati chikwakwa, chikwakwa chija n'kukhala ngati chikhadabo chowengedwa. Ndikabwerera kunyumba ndinkapeza khandalo nalonso litachepa, masaya atalowa, likulephera kugwira bere. Sipankafunika wina wondiuza kuti azakhali akunena zoona, ndinkaziona ndi maso anga.

Kenako linafika tsiku limene ndinayang'ana kum'mawa konse osauona. Kumwamba kunangofiira, dzuwa n'kutuluka lokha. Ndinalowa m'chikuta ndikulira, ndipo ndinawauza amayi kuti mwezi wapita. Azakhali anali atapita kumunda kukalondera okumba kachewere. Amayi anandiyang'ana, kenako anayang'ana khanda, lomwe linali litasiya ngakhale kulira.

“Esinati, tseka chitseko,” anatero. “Iweyo unabadwira kwathu ku Kasinje, azakhali ako kulibe. Kunali mdima wa ndiwe yani, mwezi utaferatu. Ndinawanamiza kuti unali wathunthu chifukwa ndinkaopa zomwezi. Nanga si uyu uli apa, ukudya ngati chiwala? Ndipatse nsalu iyo.”

Zaka zonsezo ndinkalongolola podziwa kuti ndine wa mwezi wathunthu, ndipo mwadzidzidzi ndinaona ngati nanenso nditengedwa. Koma amayi anali atayamba kale kumukulunga mwana. Tinadzera kuseri kwa khola la ng'ombe, n'kutsetsereka ndi njira ya m'minda kuti tisakumane ndi anthu. Amayi ankayenda pang'onopang'ono, akupumira pamitengo, chifukwa thupi linali lisanabwerere. Pamsewu tinakwera galimoto yonyamula matumba a kachewere, ndipo njira yonse ndinkasuzumira m'nsalumo kuona ngati akupumabe.

Namwino wa kuchipatala chaching'ono atangoona mchombowo anatitumiza ku chipatala cha boma ku Ntcheu. Kumeneko anati majeremusi analowera pamchombo n'kufalikira m'magazi mpaka kumutu. Dokotala sanakalipe. Anangofunsa tsiku limene kutentha thupi kunayamba, ndipo amayi atamuuza, anangopitiriza kufunafuna mtsempha pakadzanja kaja.

Tili komweko, madzulo ena dzuwa litangolowa, amayi ena achisilamu amene ankadikirira wodwala wawo analoza kumadzulo. Mwezi unali utakhala, kachingwe kowala pamwamba pa mapiri, ndipo posakhalitsa unalowa kutsatira dzuwa. Amayiwo, poti kwawo amawerengera miyezi pamenepo, anandiuza kuti mwezi sufa ayi. Umangoyandikana ndi dzuwa, kutuluka nalo limodzi ndi kulowa nalo limodzi, n'chifukwa chake suoneka masiku awiri kapena atatu. Mmene ndinkaulira m'mawa uja, unali pomwepo kum'mawa, utabisika m'kuwala.

Limbani anachira. Titabwerera kumudzi azakhali anamulandira ndi nthungululu, n'kuuza aliyense kuti mwezi wamubweza monga iwo ananenera. Amayi anangoti “chabwino alamu.” Panatha chaka tisanazindikire kuti chitseko chikamenyeka mwanayo sadzidzimuka, ndipo ukamuitana kumbuyo satembenuka. Matenda aja anapita ndi makutu ake onse awiri.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo sindidziwa kuti mwezi unali pati pamene aliyense wa iwo ankabadwa. Sindinafunse, ndipo ndinaletsa wina aliyense kundiuza. Ndinaona kuti mawu onenedwa pa khanda tsiku lobadwa amamanga manja a anthu omwe akanalithandiza. Tonse tinkamukonda mlongo wanga uja, azakhali omwe, koma titauzidwa kuti ndi wotengedwa tinayamba kudikira m'malo mothamanga. Limbani ndi kalipentala ku Manjawira tsopano, ali ndi banja lake, ndipo timacheza ndi manja. Amayi anamwalira chaka chatha. Pamaliro Limbani anandikoka pambali n'kundifunsa ndi zala zake kuti mawu a amayi ankamveka bwanji.