Uthenga wa Khoti kwa Apongozi

Kwathu kuno, kufupi ndi Nachisaka, mukafunsa za a Kalebe akulozerani wa kabaza wa njinga yamoto yofiira. Palibe amene analembapo za iwo, choncho ndayamba ndine.

A Kalebe kwawo ndi ku Ntchisi. Sukulu analekezera Folomu 2 bambo awo atamwalira, koma Chingerezi sanachitaye, amawerenga ngakhale nyuzipepala yokulungira usipa. Anabwera kuno kudzagwira ganyu yosoka fodya, anaona a Alinafe akuimba kwaya kutchalitchi, basi ulendo wa ku Ntchisi unathera pomwepo. Anamanga nyumba pachikamwini, ndipo mwana wawo woyamba ndi Mwayi.

Chimene amadziwika nacho kwambiri ndi kuopa apongozi awo, mayi Margareta. Chikwatirire, awiriwa anali asanayang'anizanepo. Akaonana panjira, a Kalebe ankakhotetsera njinga kutchire, moti tsiku lina anagwera nayo m'munda wa mtedza, kasitomala ali pambuyo. Mawu aliwonse ankadzera kwa a Alinafe. Anzawo pasiteji ankawaseka kuti zimenezo n'zachikale, iwo n'kumangoseka nawo.

Chaka chatha, akuba anatenga pampu ya petulo imene mayi Margareta ankathirira kudimba. Apolisi anaipeza kwa mnyamata wina, koma anaisunga kuti ikhale umboni pa mlandu. Wapolisi anabweretsa chisamani, pepala lowaitanira kukhoti, mayiwo anadinda chala n'kulisomeka kudenga poti linali la Chingerezi. Uku dzuwa likuswa mtengo, matimati anayamba kufota, chifukwa madzi a m'ndowa sankakwanira dimba lonse.

Mayi Margareta foni alibe, choncho kupolisi anasiya nambala ya mkamwini wawo. Lachinayi masana uthenga unalowa kuchokera kwa wapolisi woimira boma pa mlanduwo, wowakumbutsa za tsiku la khoti. Nawonso unali wa Chingerezi. A Kalebe anauwerenga mofatsa, anafananiza ndi kalendala ya pafoni, kenaka anaitana akazi awo.

"Amake Mwayi, mukawauze amayi chonchi: akufunika iwo eni ake kukhoti la majisitireti ku Dowa boma, Lachiwiri likubwerali pa 7 Okutobala, 9 koloko m'mawa, akapereke umboni. Akapanda kupita popanda chifukwa chomveka, khoti likhoza kulamula apolisi kuti adzawagwire."

"Adzawagwire? Mayi anga ondibereka ndikawauze zimenezo? Kapena mukufuna akomoke, mutenge dimba?"

"Si ine ndanena, ndi foni."

"Foni ilibe mayi."

A Alinafe anapita ndithu. A Kalebe anakhala kuseri kwa mpanda akupukuta njinga, khutu lili komweko. Anamva akazi awo akugwada bwinobwino n'kunena kuti, "Amayi, aboma akuti mpata ukapezeka sabata yamawayi, mukaonekereko pa nkhani ya pampu ija."

"Zikomo," anayankha mayi Margareta. "Apita ndi a Elifala. Mwini mbumba alipo, ine ndikatani? Cha Lachisanu apo akafike papolisi pathupa, pampuyo ili pomwepo."

A Elifala ndi mlongo wawo wa mayi Margareta, ndipo mlandu uliwonse wa pabanjapo, kaya wa mbuzi yodya chimanga, kaya wa malire a munda, amakaulankhula ndi iwowo kubwalo la m'mudzi. Atamva, jekete lawo la milandu analiyanika tsiku lomwelo.

A Kalebe anaona kuti uthenga wapotoka. Tsiku lasintha, malo asintha, wopita wasinthanso. Anadziwa kuti a Elifala, ngakhale atathira miyambi yonse, sangalumbire m'malo mwa mwini pampu. Mboni ikasowa mlandu ukankhidwira kutsogolo, pampu ikhalabe m'manja mwa apolisi, matimati aferatu. Anachonderera akazi awo kuti abwererenso, iwo anati anena kale, ndipo zotsalazo ndi mwano.

M'mawa mwake mayi Margareta ali pakhonde kusenda mtedza, anamva njinga ikukankhidwa. A Kalebe anaiimika pakati pa bwalo, ananjuta kuseri kwake atafulatira khonde, chipewa chili m'manja. Anakhosomola, nayamba kulankhula ndi njingayo.

"Iwe njinga, tamvera. Uthenga uja sunanene kuti mpata ukapezeka. Wanena kuti Lachiwiri pa 7 Okutobala, 9 koloko m'mawa."

A Alinafe anasuzumira pazenera atagwira pakamwa. Kenaka mayi Margareta anatembenukira kukhoma, nati, "Njingayo inene bwino. Lachiwiri liti?"

"Likubwera lomweli, mawa lake la Lolemba. Ndiponso si papolisi pathupa ayi. Ndi kukhoti la majisitireti ku Dowa boma."

"A Elifala kuboma amakudziwa."

"A Elifala akhoza kuperekeza, iwe njinga, koma akufuna mwini pampu. Kumeneko munthu amagwira Baibulo yekha, n'kunena zimene akudziwa yekha."

"Nanga mwini pampu akakhala ndi zochita?"

A Kalebe anayankha akuyang'anabe njinga. "Akuti akapanda kupita popanda chifukwa chomveka, khoti likhoza kulamula apolisi kuti adzamugwire. Njinga iwe, mawuwa si anga. Sindinawonjezere, sindinachotsere."

Mayi Margareta anaphulika kuseka mpaka mtedza unatayika m'lichero. "Aberedwe ndine, agwidwenso ndine? Boma ili! Alinafe, tuluka m'menemo. Iwe dzulo unandipatsa phala lokhalokha, njinga ndiyo yabwera ndi ndiwo." Kenaka anafunsa khoma lija kuti, "Tsono njingayo idzanyamuka nthawi yanji?"

Lachiwiri dzuwa likutuluka anthu anaima m'makomo kuonerera. Mayi Margareta anakwera atavala chitenje cha Chikatolika, ndipo pakati pa iwo ndi mkamwini wawo anaikapo mtsamiro. A Elifala, atavala jekete lija, anakwera njinga ya mnzawo wa a Kalebe, akudandaula kuti miyambi imene anakonza iwonongeka.

Anafika nthawi isanakwane. Dzina litaitanidwa mayi Margareta analowa m'bokosi la mboni, analumbira, kalaliki wa khoti akumasulira. Atawaonetsa pampu, analoza chogwirira cha chingwe cholizira, chimene anachisema okha ndi mtengo wa gwafa chapulasitiki chitathyoka. Woimbidwa mlandu atapatsidwa mpata wowafunsa mafunso, anangofunsa limodzi n'kukhala pansi. Woimira boma anapempha kuti pampu ibwezedwe kwa mwini wake poti mbewu zikuuma, ndipo majisitireti analola, bola asaigulitse mlandu usanathe.

A Elifala amati ali panja anaona mayi wina akulira, wafika mlandu wake utaitanidwa kale, chifukwa mwana amene anamuwerengera pepala anangomuuza kuti "m'mawa". Nkhani imeneyo amaikamba pamowa uliwonse, ndipo masiku ano amati amene analimbikira za 9 koloko ndi iwowo.

Madzulo ake pampu inalira kudimba. Mizere ya kumtunda inali itapita kale, koma ya kumunsi inadzuka, ndipo mu Novembala a Kalebe ankanyamula madengu a matimati kupita nawo kumsika. Mpaka lero, foni ikalira ndi za Chingerezi m'mudzi muno, kaya za kuchipatala, kaya za ngongole ya feteleza, anthu amaitengera pasiteji. A Kalebe amazimitsa injini, amanena tsiku, malo ndi chimene chikufunika, kenaka amakuuza kuti ubwereze wekha iwo akumva. Ukaphonya, umayambiranso, ngakhale kasitomala akudikira padzuwa.