Tsiku Limene a Chimkokomo Anabanika pa Wailesi

Ana a masiku ano sanawaone a Chimkokomo. Anali kabambo kakafupi, kadazi, kotchena jekete ngati omvera wailesi amaona. Koma mawu, abale! Akati "moni nonse kumeneko," ngakhale okangana pampopi ankayamba aleka.

Wailesi yathu inali kachipinda kuseri kwa sitolo ya zitsulo, makoma omata makatoni a mazira. Nyengo yozizira ikafika, a Nesi a pachipatala chathu ankalemba pepala la pulogalamu ya zaumoyo, a Chimkokomo n'kumaliwerenga. Asanayambe ankalichonga ndi pensulo, kamzere paliponse popumira. Ankadzitama kuti sanajombepo, ndipo sanapumepo popanda kamzere.

Chaka china chimfine chinawagwira eni akewo. Chinakhala ngati chatha, kenako thupi linatenthanso, m'chifuwa mukubaya.

"Bambo a ana, tiyeni kuchipatala," anatero akazi awo.

"Chimfine chomwechi? Ndikaime pamzere ndi makanda, pulogalamu ikudikira?"

Ananyamula jekete, ulendo. Mayi anatsala akuchapa, wailesi ili pawindo.

Poyamba zinayenda. "Chimfine wamba chimatha chokha. Pumulani, imwani madzi ambiri. Koma mwana akamakana kuyamwa, akamapuma mofulumira, nthiti zikulowa mkati, thamangani naye kuchipatala. Amayi oyembekezera, okalamba, odwala mphumu kapena shuga, musadikire." Apa mpweya unayamba kuwathera kamzere kasanafike. Anagwira tebulo, thukuta kamukamu. "Kutentha thupi kukapitirira masiku atatu... kapena kukabwereranso... kapena mukubanika... moti simungathe... kumaliza..."

Zii. Dera lonse linangomva kufwenthera. Woyendetsa makina anaponya nyimbo msangamsanga.

Nyimbo yachitatu isanathe, chitseko chinatseguka: mayi aja, thovu la sopo lili m'mikono, galimoto ya mlamu wawo ikulira panja.

"Mwamva zimene yanena wailesi?"

"Wanena... ndine."

"Ndiye mukutsutsana ndi wailesi? Inu simuja mumati wailesi sinama? Dzukani."

Anafuna kuyankha, koma mawu otchuka aja anali atathawa. Anatuluka atakolekedwa paphewa la mkazi wawo, pepala likadali m'manja.

Kuchipatala anapeza kuti chimfine chija chinabala chibayo. Anawagoneka, ndipo adokotala anawakalipira kuti akanachedwa pang'ono tikanamva zina.

Atachira anapeza zochititsa manyazi: woyendetsa makina anali atajambula zonse, ndipo wailesi inkabwereza tepi yomweyo, kufwenthera ndi zii yemwe. Anapita kwa a Nesi, chipewa m'manja.

"Achemwali, ndiloleni ndiwerengenso bwinobwino. Mbiri yanga ikuonongeka."

"Ayi achimwene. Zaka zonsezi ndakhala ndikulemba kuti 'kubanika', anthu n'kumabwera mochedwa. Pano akungofika pakhomo n'kunena kuti, 'Agogo akupuma ngati a Chimkokomo.' Tepi imeneyo musaikhudze."

A Chimkokomo anadandaula mpaka tsiku limene anapuma pa ntchito. Iwo anatisiya kale, kachipinda kaja pano amagulitsiramo simenti, koma pachipatala pathu ukanena kuti wodwala "akupuma ngati a Chimkokomo" suima pamzere.